Cithunzi Si Pepala: Za Kuconga Mayankho Osaoneka Bwino

Inu amene mukukonzekera nchito ya uphunzitsi, tsiku lina mudzalandira pa foni cithunzi ca pepala la mayankho, ndipo mudzapemphedwa kuliconga. Mwina masukulu a m'dera lanu adzalembetsa mayeso amodzi, mapepala natsalira kutsidya cifukwa mtsinje wadzala. Mwina mnzanu wa pa sukulu ina adzadwala, nakutumizirani zithunzi kuti malikisi a ana ake asacedwe. Pepala limene ndikunena ndi lija la mafunso osankha yankho, pamene funso lililonse lili ndi timabokosi tinai tozungulira, A, B, C ndi D, ndipo mwana amadetsa kamodzi ndi pensulo.

Ambiri amayesa kuti kuconga pepala lotere kulibe bvuto, popeza yankho ndi loona kapena lolakwa basi. Pa mafunso ambiri zilidi conco. Koma pa mulu uliwonse wa mapepala mudzapeza kabokosi kodetsedwa pang'ono, funso lodetsedwa pawiri, ndi malo ofufutidwa amene sanayere. Pamenepo musanafunse ngati yankho ndi loona, muyenera kuyamba mwafunsa funso lina: kodi mwanayu wayankha ciani? Mafunso awiriwa ndi osiyana, ndipo zonse zimene ndilembe pano zatsamira pa kuwalekanitsa.

Kuda kwa cizindikiro kuli ngati kukwera kwa liu

Ndiyambe ndi citsanzo ca m'cinenero cathu. Mukudziwa kuti mau akuti mtengo ali ndi matanthauzo awiri. Tikakweza liu pa "te" tikunena comera ca m'thengo; tikapanda kukweza tikunena ndalama zogulira cinthu. Pamene ndinali kuphunzira za zinenero kunja, tinali kuyeza mau a anthu ndi makina, ndipo cimene cinaoneka poyera ndi ici: palibe muyeso umodzi wa liu lokwera. Liu lotsika la kamtsikana limakhala pamwamba kupambana liu lokwera la agogo ake aamuna. Komabe tonse timawamva bwino awiriwo, cifukwa khutu limayerekeza liu ndi mau ena a munthu yemweyo, oyandikana nalo.

Cizindikiro ca pensulo naconso cimawerengedwa motero. Mwana wina amatsindika mpaka pepala kutumba kuseri. Wina dzanja lake ndi lopepuka. Pensulo nazonso zimasiyana. Mtima wa pensulo ndi gulafaiti wosakaniza ndi dongo. Dongo likaculuka pensulo imalimba ndipo imalemba motuwa, monga 2H. Likacepa imafewa ndipo imalemba mwakuda, monga 2B, koma imanyanga ndi kubvuta kufufuta. HB ili pakati, ndiye cifukwa cake imafunidwa pa mayeso. Tsono cofufuta ca mwana wotsindika ndi 2B cikhoza kuda kupambana yankho lenileni la mwana wa 2H. Mukayerekeza pepala la mwana uyu ndi la mwana uyo mudzasokera. Yerekezani cizindikiro ndi zizindikiro zina za mwana yemweyo, pa pepala lomwelo, makamaka za mizere yoyandikana.

Zimene cithunzi cimasintha

Mapepala otere anakonzedwera makina. Makina oyamba ochuka, IBM 805, amene anaturuka ku Amereka cakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, sanali kuona konse: anali kuyeza mphamvu ya magetsi yodutsa m'gulafaiti. Makina a pambuyo pake amawalitsa nyali pa pepala ndi kuyeza kuwala kumene kwabwerera. Ndi makina a mtundu wotere amene ECZ, bungwe loyendetsa mayeso m'Zambia, lakhala likucongera mayeso otsiriza maphunziro a pulaimale. M'kati mwa makinawo pepala limagona mosalala, ndipo kuwala ndi kumodzimodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Cithunzi ca pa foni cilibe mwai umenewo, ndipo cimanama m'njira zinai zimene muyenera kuzizindikira.

Yoyamba ndi mthunzi. M'cithunzi copanda mitundu, kadontho kalikonse kali ndi nambala, kuyambira 0 pa kuda bii mpaka 255 pa kuyera mbee. Pepala loyera limene lagwera mumthunzi wa dzanja la wojambula likhoza kukhala ndi nambala yotsika kupambana cizindikiro copepuka cimene cili poyera. Mudzadziwa kuti ndi mthunzi mukaona kuti timabokosi tonse tinai ta mzere umodzi tatuwa pamodzi ndi pepala lozungulira.

Yaciwiri ndi kunyezimira. Gulafaiti amanyezimira, makamaka pamene mwana watsindika ndi kubwereza. Nyali ya foni ikamuomba mwacindunji, kabokosi kakuda kwambiri kamaoneka kotuwa ngati lata. Cizindikiro cake ndi cakuti zotuwazo zimaunjikana mbali imodzi ya cithunzi, kumene pepala lenilenilo laoneka lowala mopambanitsa.

Yacitatu ndi kupendeka. Wojambula akaimika foni cammbali, mizere imapendama, ndipo diso locokera pa nambala 18 limakafika pa timabokosi ta 19. Apa cizindikiro cilibe mlandu. Wasokera ndi woconga.

Yacinai ndi yobisika kupambana zonse, cifukwa imacitika m'kati mwa foni. Cithunzi cotumizidwa mwa nthawi zonse pa WhatsApp cimacepetsedwa kuti cisadye ndalama zambiri, ndipo timizere tating'ono ta pensulo timasungunuka kukhala utsi. Palinso mapulogalamu amene amayeretsa cithunzi kuti cioneke ngati cocokera m'makina okopera. Amenewa amasandutsa cotuwa ciliconse kukhala cakuda kapena coyera, popanda ca pakati. Motero yankho lopepuka limasowa, ndipo cofufuta cimasanduka yankho. Cithunzi coyera bwino cotero ndi cikomekome ca nkhuyu.

Mankhwala a zinaizi ndi apafupi. Pepala ligone pa thebulo pafupi ndi zenera kapena pakhonde, osati padzuwa. Nyali ya foni izimitsidwe. Foni ikhale pamwamba penipeni pa pepala, ngondya zonse zinai zioneke. Cithunzi cisayeretsedwe, ndipo pa WhatsApp citumizidwe posankha Document, kuti cifike monga cinajambulidwira. Popeza pamwamba pa pepala pali dzina la mwana, cithunzico cipite kwa woconga yekha, osati ku gulu, ndipo cicotsedwe m'foni nchito ikatha.

Malamulo ayambe, mayankho atsatire

Tsono ndifike pa cimene ndimaciyesa cacikulu. Mndandanda wa mayankho oona muubise kufikira mutamaliza kuwerenga pepala. Diso la munthu limaona cimene mtima ukufuna. Mukadziwa kuti yankho loona ndi C, ndiye pa funsolo pali A wotuwa ndi C wotuwa, C adzaoneka wakuda pang'ono ngati mwanayo mumamukonda, ndipo A adzada ngati ndi mwana wobvuta m'kalasi. Simudzakhala mukunama, mudzaonadi conco. Cifukwa cake coyamba lembani pa pepala lina zimene mwana wayankha, funso ndi funso, ndipo pamene mwakayika ikani cizindikiro ca funso. Pambuyo pake ndi pamene mutenge mndandanda uja.

Malamulo owerengera nawonso alembedwe musanaone pepala ngakhale limodzi, ndipo onse oconga agwirizane. Ine ndimaphunzitsa anai. Cizindikiro cimodzi cokha pa funso, ngakhale cotuwa, ndi yankho, malinga cikufanana ndi dzanja la mwanayo. Pakakhala ziwiri, cimodzi cili ndi umboni wa kufufuta, yankho ndi cinaco. Pakakhala ziwiri zofanana popanda umboni wa kufufuta, funsolo lilibe malikisi. Cithunzi cikalephera kulekanitsa, mlandu uimikidwe kufikira pepala lenileni litaoneka.

Lamulo lacitatu ena amaliona ngati nkhanza, koma taganizani. Woombeza pa timabokosi tinai ali ndi mwai umodzi mwa inai. Mukamalandira awiri, mwai wake wafika theka, ndipo mwana wocenjera adzazindikira msanga kuti kudetsa pawiri kumalipira.

Nanga umboni wa kufufuta ndi wotani? Yankho lopepuka limakhala m'kati mwa kabokosi, ndipo mukakuza cithunzi mumaona timizere ta pensulo tili ndi malire. Cofufuta cilibe timizere. Ndi utsi wosalala umene umapitirira malire a kabokosi, kutsata kumene labala inapita. Kawirikawiri cilembo cosindikizidwa m'katimo cimafwifwa, cifukwa labala yacipala. Kumbukiraninso kuti ana ambiri alibe labala yeniyeni. Amafufuta ndi cidutswa ca patapata kapena cala conyowetsa ndi malobvu, ndipo zimenezi zimapaka gulafaiti m'malo momucotsa.

Pepala limodzi, mafunso 40

Tiyeni ticonge pepala longoyerekeza. Ndi mayeso a Cinyanja a Giredi 6, mafunso 40, ndipo wokhoza ayenera kupeza 20. Mwanayu dzanja lake ndi lapakati, sakutsindika kwambiri. Mafunso 33 aoneka bwino, kuphatikizapo funso 21 limene lasiyidwa loyera. Mafunso 7 ndi okayikitsa: 8, 14, 22, 25, 29, 36 ndi 37. Mndandanda wa mayankho ukali wobisika.

Pa funso 8 pali B wotuwa, ndipo timabokosi tina titatu ndi toyera. Pokuza cithunzi timizere tikuoneka, tonse m'kati mwa kabokosi. Mafunso 7 ndi 9 nawonso ndi opepukirapo kusiyana ndi oyambirira, monga ngati pensulo inali itabuntha. Tilemba B.

Pa funso 14 pali A ndi C. Utsi wa pa A wafika mpaka pafupi ndi B, ndipo cilembo A cafwifwa. C wadetsedwa mofanana ndi mayankho ena. Tilemba C.

Pa funso 22 pali B ndi D, onse akuda mofanana, onse ali ndi malire, palibe utsi. Tilemba kuti pawiri. Koma taonani kuti funso 21 ndi loyera. Cioneka kuti mwanayu anaika yankho la 21 pa mzere wa 22. Zimenezi tizilembe pambali, tidzabwererako.

Mafunso 36 ndi 37 ali m'munsi cakumanja, kumene pepala lawala mopambanitsa, ndipo sitikuona bwino ngati padetsedwa. Apa sitiweruza. Tipempha cithunzi cina copanda nyali. Cikafika, 36 ndi C ndipo 37 ndi D, onse akuda bwino lomwe.

Atsala 25 ndi 29. Pa 25 pali kanthu kotuwa pa B pokha, koma sitikutha kuona ngati ndi timizere kapena utsi. Pa 29 pali A wotuwa ndi C wakuderapo, koma kusiyana kwao ndi kocepa, ndipo cithunzi caciwiri sicinathandize. Awiriwa adikire pepala.

Tsopano titenge mndandanda. Pa mafunso 33 aja mwana wakhoza 17. Funso 8 yankho loona ndi B: afika 18. Funso 14 yankho loona ndi A, lomwe lija anafufuta: palibe malikisi. Apa mtima umawawa, pakuti mwanayo anali atalemba zoona. Koma kufufuta ndi kulankhula. Iye anati A sindikumufuna, ndipo tiyenera kumumvera monga tikanamumvera akanafufuta colakwa. Funso 22 yankho loona ndi D, koma padetsedwa pawiri: palibe malikisi. Funso 36 yankho loona ndi A: walakwa. Funso 37 ndi D: afika 19.

Mwana waima pa 19, pamene wokhoza afunika 20, ndipo mayankho oona a mafunso otsalawo ndi B pa 25, C pa 29. Akhoza kutsala pa 19, akhoza kufika 21. Mukuona tsono cifukwa cimene tinabisira mndandanda: tikanaudziwa poyamba, mafunso awiriwa tikanawaweruza ndi cifundo kapena ndi mkwiyo, osati ndi maso. Pa pepala la malikisi tilemba 19, ndi mau akuti mafunso awiri akudikira.

Pepala lenileni lili ndi umboni umene cithunzi sicinganyamule. Lipendeketseni pa kuwala kwa zenera: gulafaiti wa yankho amanyezimira, pamene pofufutidwa pamakhala pakhakhalakhakhala, ubweya wa pepala utadzuka. Papasani kuseri ndi cala kuti mumve potsindikidwa. Ngati simungafike kumene kuli pepala, mnzanu amene ali nalo ayang'ane, koma musamuuze yankho loona. Mumfunse cabe cimene akuona pa 25 ndi pa 29. Tinene kuti wapeza izi: pa 25 pepala lapalika, patsala mkwasa wa pensulo wopanda gulafaiti, ndiye kuti mwana anafufuta osasankhanso cina. Palibe malikisi. Pa 29, A wapalika ndipo ali ndi banga la cala conyowa, pamene C akunyezimira. Yankho ndi C. Mwana wapeza 20, ndipo wakhoza mwa nchito yake, osati mwa cisomo ca mphunzitsi. Makolo anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwina mufunsa kuti, nanga pepala likatayika, kapena likakhala kosafikika mpaka tsiku lopereka malikisi? Pamenepo woconga wina ayang'ane cithunzi payekha, osadziwa dzina la mwana, yankho loona, ngakhale maganizo anu. Mukagwirizana, lembani comweco. Mukasiyana, ndipo kusiyanako kukusintha zakuti mwana wakhoza kapena ai, ndi bwino kumupatsa mwanayo mafunso ena ofanana nao kusiyana ndi kuombeza. Musamufunse kuti, "Kodi unafuna kudetsa citi?" Pofika nthawi imeneyo anzake anamuuza kale yankho panjira yopita kumudzi.

Zimene zokayikitsa zimakuuzani

Mukamaliza mulu wonse, musataye pepala lija munalembapo zokayikitsa. Liwerengeni cotsika, funso ndi funso. Ngati ana ambiri adetsa pawiri kapena afufuta pa funso limodzimodzi, bwererani ku funsolo, pakuti mwina colakwa cili m'menemo. Tiyerekeze kuti funso likuti, "Mau akuti mtengo atanthauza ciani?" ndipo pa A pali comera, pa C pali ndalama zogulira cinthu. Kalembedwe kathu ka masiku onse sikaonetsa kukwera kwa liu, conco onse awiri ndi oona. Mwana amene wadetsa pawiri apa ndiye wadziwa Cinyanja kupambana funsolo. Funso lotere licotsedwe kwa ana onse, malikisi awerengedwe pa mafunso otsala. Kukonza kwa mwana mmodzi yekha ndi kukondera.

Bwereraninso ku 21 ndi 22. Lamulo lamumana malikisi mwanayo, ndipo liyenera kutero, cifukwa sitingadziwe ngati B ndiye wa 21 kapena D. Koma cimene cabvuta si Cinyanja, ndi kutsata mizere. Mankhwala ake si kubwereza phunziro la magulu a maina. Ndi kumuphunzitsa kugoneka rula pansi pa mzere umene akuyankha, ndi kuchula nambala camumtima asanadetse. M'kalasi mwanu colakwa cotere cimudyera malikisi awiri. Pa mayeso a dziko, mzere umodzi ukaphonyeka osazindikira, mayankho onse otsatira amasunthira pa mafunso a eni.

Pali cinthu cinanso cofuna kusamala. Nthawi zina mudzaona pepala, kapena kalasi lonse, pamene pafufutidwa pambiri ndipo pafupifupi ponse acoka pa colakwa kupita pa coona. Zotere zikhoza kusonyeza kuti wina anathandiza, koma si umboni wokwanira. Mwana amene anazindikira kuti waphonya mzere amafufuta mayankho ambiri otsatizana ndi kuwakonza, ndipo pepala lake limaoneka cimodzimodzi. Onani ngati zofufutazo zili zotsatizana, ndiponso ngati yankho lililonse langosuntha mzere umodzi. Cikaiko cikatsalabe, perekani mapepala enieniwo kwa akulu a sukulu mwakacetecete. Mlandu wa kubera usazengedwe pa cithunzi.

Pomaliza, zokayikitsa zambiri zimathera m'kalasi mayeso asanafike. Patulani phunziro limodzi la mphindi 30. Jambulani pa bolodi timabokosi tinai tikulutikulu, muonetse kodetsedwa bwino, kodetsedwa theka, kocongedwa ndi kofufutidwa moipa, ana anene okha kamene kangawerengedwe. Gawani labala imodzi m'zidutswa, kuti pa desiki iliyonse pakhale kanthu kofufutira. Kenaka mwana aliyense adetse mizere 10, afufute iwiri, asinthane pepala ndi mnzake, ndipo mnzakeyo awerenge mokweza zimene akuona. Mwana akamva mnzake akuwerenga A pamene iye anafuna C, sadzafunanso kuuzidwa kaciwiri cifukwa cofufutira bwino.

Inunso yesani zomwezo muno m'koleji musanapite ku masukulu. Dzazani pepala limodzi ndi pensulo ziwiri zosiyana, mufufute pena ndi labala, pena ndi cala. Lijambuleni katatu: ndi nyali, mumthunzi wa dzanja, ndi pafupi ndi zenera. Patsani anzanu atatu, aliyense cithunzi cake, alembe zimene akuona, ndipo mufanizire zolemba zaozo ndi pepala lili m'manja mwanu.